Mtengo wakwera pamsika: wasuntha ndi wogula kapena wogulitsa?

M'chaka cha 1914, katswiri wina wa zachuma wa ku America, Henry Ludwell Moore wa pa yunivesite ya Columbia, adatulutsa buku momwe adasonkhanitsa ziwerengero za zaka zambiri zokhudza mitengo ya katundu ndi kuchuluka kwake. Pa chimanga, udzu wa ziweto ndi mbatatesi zinthu zidayenda monga aliyense akadayembekezera: chaka chomwe katundu adachuluka, mtengo udatsika. Koma atafika pa chitsulo chongotuluka m'ng'anjo, masamu adamuuza zodabwitsa. Zaka zomwe chitsulo chidadula ndi zomwenso chidagulidwa kwambiri. Moore adakhulupirira kuti watulukira mtundu watsopano wa ogula, omwe amathamangira katundu akakwera mtengo.

Moore sadaphonye powonkhetsa, ndipo ziwerengero zake sizidali zabodza. Chidamusokoneza n'chakuti zaka zomwe chuma chikuyenda bwino, mafakitale, anjanji ndi omanga amafuna chitsulo chambiri, mtengo umakwera, ndipo eni ng'anjo amawonjezera kupanga. Madontho omwe adajambula papepala ankatsata khalidwe la opanga chitsulo, koma iye adawapatsa dzina la ogula. Cholakwa chimenechi ndicho akatswiri amatcha vuto la aidentifikeshoni, kutanthauza vuto lozindikira kuti mzere womwe wautulutsa m'ziwerengero ndi wa yani.

Gwero lake ndi ili. Pamsika pali makhalidwe awiri omwe sitiwaona ndi maso. Loyamba ndi la ogula: pa mtengo uliwonse womwe ungatchulidwe, pali kuchuluka kwa katundu komwe angatenge, ndipo mtengo ukamakwera amatenga wochepa. Lachiwiri ndi la ogulitsa: pa mtengo uliwonse, pali kuchuluka komwe angabweretse, ndipo mtengo ukamakwera amabweretsa wambiri. Khalidwe lililonse tingalijambule ngati mzere, wa ogula wotsetsereka, wa ogulitsa wokwera. Koma wolemba m'kaundula wa msika saona mizere. Tsiku lililonse amalemba manambala awiri okha, mtengo womwe malonda adachitikira ndi kuchuluka kwa zomwe zidagulidwa, ndipo apo ndi pamene mizere iwiriyo idadutsana tsiku limenelo. Mawa mizere yonse itha kusuntha, n'kudutsana pena. Pakutha chaka ali ndi madontho ambirimbiri, ndipo dontho lililonse lili pa mizere yonse iwiri nthawi imodzi.

Elmer Working adaifotokoza bwino nkhaniyi m'chaka cha 1927. Adasonyeza kuti ngati ogula akhazikika pomwe ogulitsa akusunthasuntha, madontho amandanda pa mzere wa ogula. Ndicho chifukwa chake mbewu zakumunda zidamuyendera bwino Moore: anthu amadya pafupifupi mofanana chaka ndi chaka, koma mvula imasinthasintha zokolola. Ngati ogulitsa ndiwo akhazikika, madontho amandanda pa mzere wa ogulitsa, monga zidachitikira ndi chitsulo. Onse akamasuntha, madontho amangomwazikana, ndipo mzere womwe ungadutsitse pakati pawo si wa ogula, si wa ogulitsanso.

Tiyeni tione ndi manambala ongopeka, osankhidwa kuti masamu asavute. Tiyerekeze msika wa nsomba zaziwisi. K ndi kuchuluka kwa mabokosi, M ndi mtengo wa bokosi limodzi. Ogula ndi ogulitsa ali ndi makhalidwe awa, omwe ife tikuwadziwa chifukwa tawalemba tokha, koma wofufuza sawadziwa:

Ogula: K = 100 − 2M

Ogulitsa: K = 40 + M

Ogula amasiya mabokosi awiri mtengo ukakwera ndi 1, ndipo ogulitsa amawonjezera bokosi limodzi. Mbali ziwirizi zimagwirizana pamene M ndi 20, chifukwa 100 kuchotsa 40 ndi 60, ndipo 40 kuphatikiza 20 ndi 60 yomweyo. Wofufuza amangoona kuti mabokosi 60 adagulidwa pa mtengo wa 20.

Tsopano tichite kachinyengo. Tengani theka la ikwezhoni ya ogula ndi theka la ya ogulitsa, muziphatikize. Mupeza K = 70 − 0.5M. Ikani 20 pa M, ndipo K ikhala 60. Ikwezhoni yosakanizayi ikugwirizana ndi zomwe zidachitika pamsika, ndipo ikuoneka ndendende ngati ya ogula: ili ndi nambala yoyambira, ndipo mtengo ukakwera kuchuluka kukutsika. Koma ikunena kuti ogula amasiya theka la bokosi pomwe zoona zake amasiya awiri. Mutha kusakaniza mwa njira zina zosawerengeka, ndipo zonse zidzadutsa pa dontho lomwelo. Palibe chilichonse m'kaundula chomwe chingaloze yeniyeni pakati pa zonamizirazi. Apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwa poganiza kuti mankhwala ake ndi kusonkhanitsa ziwerengero zochuluka. Ngakhale mutalemba masiku miliyoni, zonamizira zija zidzagwirizanabe ndi tsiku lililonse monga momwe yeniyeni ikugwirizanira. Vuto silili pa kuchepa kwa ziwerengero ayi, lili pakuti ziwerengero za mtundu umenewu sizingayankhe funsoli.

Chomwe chimathandiza ndi chinthu chochokera kunja kwa msika chomwe chimakankha mbali imodzi n'kusiya inzake. Tinene kuti panyanja pawomba namondwe, mabwato ena sadapite, ndipo pa mtengo uliwonse ogulitsa akubweretsa mabokosi ochepera ndi 15. Tilembe N kukhala 1 tsiku la namondwe ndi 0 tsiku la bata. Ikwezhoni ya ogulitsa tsopano ndi K = 40 + M − 15N, pomwe ya ogula sidasinthe, popeza wophika ali kumtunda ndipo njala yake siyendera mafunde. Tsiku la namondwe, 100 − 2M iyenera kufanana ndi 25 + M, choncho mtengo ndi 25 ndipo mabokosi ndi 50.

Wofufuza tsopano ali ndi madontho awiri omwe akudziwa chomwe chidawasiyanitsa. Namondwe adakweza mtengo ndi 5 n'kutsitsa kuchuluka ndi 10. Gawani 10 ndi 5, mupeza 2, nambala yeniyeni ya ogula ija. Sizidangochitika mwamwayi. Popeza mzere wa ogula sudasunthe, madontho onse awiri ali pa mzerewo, ndipo madontho awiri amakwanira kujambula mzere wowongoka. Zonamizira zija nazonso zagwidwa, chifukwa iliyonse yomwe ili ndi kachigawo ka ikwezhoni ya ogulitsa yatengera N. Ya theka ndi theka ija yasanduka K = 70 − 0.5M − 7.5N, ndipo ife tidanena kale kuti mwa ogula mulibe N. Yokhayo yopanda N ndiyo yeniyeni.

Pali chinthu apa chomwe chimazunguza ophunzira ambiri ulendo woyamba. Namondwe ali mu ikwezhoni ya ogulitsa, koma yomwe waulula ndi ya ogula. Ya ogulitsa idakali yobisika. Yesani kusakaniza gawo limodzi mwa magawo anayi la ogula ndi magawo atatu a ogulitsa: mupeza K = 55 + 0.25M − 11.25N. Tsiku la bata ikupereka 60, tsiku la namondwe ikupereka 50. Ikugwirizana ndi masiku onse, ili ndi maonekedwe onse a ikwezhoni ya ogulitsa, koma ndi yabodza. Ikwezhoni sizindikirika ndi zomwe ili nazo, imazindikirika ndi zomwe ilibe koma inzake ili nazo.

Kuti tione ogulitsa, tikufunika china chomwe chimakankha ogula okha. Tinene kuti tsiku la malipiro anthu amafuna mabokosi 30 owonjezera pa mtengo uliwonse, pomwe asodzi akugwira monga mwa masiku onse. Ndiye kuti 130 − 2M ifanane ndi 40 + M: mtengo ndi 30, mabokosi ndi 70. Mtengo wakwera ndi 10, kuchuluka kwakwera ndi 10, ndipo tapeza 1 wa ogulitsa uja.

Tisanachoke pa manambalawa, taonani zomwe zingamuchitikire munthu wosafunsa za namondwe kapena za malipiro. Tsiku lomwe zonse ziwiri zachitikira limodzi, mtengo ndi 35 ndipo mabokosi ndi 60. Choncho ali ndi masiku anayi: mabokosi 60 pa mtengo wa 20, mabokosi 50 pa 25, mabokosi 70 pa 30, ndi mabokosi 60 pa 35. Akauza kompyuta kuti idutsitse mzere woyandikira madontho anayiwa, imuuza kuti mtengo ukakwera ndi 1, kuchuluka kumakwera ndi 0.4. Si kutsika ndi 2 kwa ogula, si kukwera ndi 1 kwa ogulitsa. Ndipo kompyuta sidandaula, imangotulutsa nambala yooneka bwino. Akailemba kuti ndi ya ogula, wabwereza za Moore.

Njira yogwiritsa ntchito chinthu chakunja chotere idalembedwa koyamba m'chaka cha 1928, kumapeto kwa buku la Philip Wright lonena za misonkho ya mafuta a nyama ndi a mbewu olowa m'dziko la America. Wright ankafuna kudziwa kuti msonkho wa pa batala ndi pa mbewu ya fulakisi umapweteka yani, ndipo funso limenelo silingayankhidwe popanda kudziwa mizere yonse iwiri. Kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti masamba amenewo adalemba ndi mwana wake, Sewall Wright, katswiri wotchuka wa za chibadwa cha zamoyo, mpaka m'chaka cha 2003 pomwe James Stock ndi Francesco Trebbi adayerekeza kalembedwe ka awiriwa n'kupeza kuti n'kofanana ndi ka bamboyo. Masambawo sadawerengedwe ndi ambiri panthawiyo. Nkhaniyi idadzukanso m'zaka za m'ma 1940 kudzera mwa Trygve Haavelmo wa ku Norway ndi gulu la Cowles Commission ku Chicago, komwe Tjalling Koopmans adalemba mwatsatanetsatane m'chaka cha 1949 malamulo odziwira ngati ikwezhoni ingazindikirike.

Losavuta mwa malamulowo ndi lomwe m'makalasi a zachuma amalitcha oda kondishoni. Ndi lamulo longowerenga, ndipo munthu atha kulichita pa kapepala asanasonkhanitse nambala ndi imodzi yomwe. Choyamba gawani zinthu zonse m'magulu awiri. Zam'kati ndi zomwe msika umadzipangira wokha, pano ndi mtengo ndi kuchuluka. Zakunja ndi zomwe zimagwera msika kuchokera kwina, monga namondwe ndi tsiku la malipiro. Kenako tengani ikwezhoni imodzi, muwerenge zam'kati zomwe zilimo, muchotsepo chimodzi. Werenganinso zakunja zomwe zili m'maikwezhoni ena koma mu iyi mulibe. Lamulo likuti nambala yachiwiriyi isachepere yoyamba:

zakunja zosiyidwa ≥ zam'kati zomwe zilimo − 1

Chifukwa chochotsera chimodzi n'chakuti chimodzicho, kuchuluka, ndi chomwe tikufuna kufotokoza. Zotsalazo ndi zomwe tikufuna kudziwa mphamvu yake, ndipo chilichonse chimafunika chokankha chakechake. Pa msika wathu, ikwezhoni iliyonse ili ndi zam'kati ziwiri, choncho imafunika chakunja chimodzi chosiyidwa. Pachiyambi padalibe chakunja, ndipo onse awiri adalephera: 0 ndi wochepera 1. Titabweretsa namondwe, ya ogula idakhoza chifukwa idasiya chimodzi, koma ya ogulitsa idalephera chifukwa sidasiye kanthu. Titawonjezera malipiro, onse adakhoza. Mukadaika namondwe m'maikwezhoni onse awiri, sakadathandiza aliyense.

Ngati ogula nsomba amayang'ananso mtengo wa nkhuku, ndipo mtengo wa nkhukuwo umakwera nsomba zikasowa, ndiye kuti zam'kati zakhala zitatu ndipo namondwe yekha sakukwanira. Pakufunika china, mwina mtengo wa chakudya cha nkhuku. Nambala ziwiri zija zikafanana, pamakhala yankho limodzi lokha. Zakunja zikaposa zofunika, mwachitsanzo namondwe komanso mtengo wa mafuta a injini za mabwato, pamakhala njira ziwiri zopezera nambala imodzi. Zimenezo n'zabwino, chifukwa ngati njira ziwirizo zapereka mayankho otalikirana kwambiri, mumadziwa kuti pena pake mwalakwitsa, ngakhale simudziwa kuti ndi pati.

Msika wa nsomba sindidausankhe mwangozi. Pakati pa Disembala 1991 ndi Meyi 1992, Kathryn Graddy adasonkhanitsa ziwerengero za nsomba ya waitingi pa msika wa Fulton ku New York, womwe panthawiyo udali kumunsi kwa Manhattan ndipo malonda ake ankachitika kusanache. Adapeza za masiku 111. M'chaka cha 2000, iye pamodzi ndi Joshua Angrist ndi Guido Imbens adagwiritsa ntchito mphamvu ya mphepo ndi kutalika kwa mafunde panyanja ngati chokankha ogulitsa. Kungodutsitsa mzere pakati pa madontho kudasonyeza kuti mtengo ukakwera ndi 10 pa 100 aliyense, ogula amachepetsa ndi pafupifupi 5 pa 100. Kuyerekeza masiku a namondwe ndi a bata kudasonyeza kuti amachepetsa ndi pafupifupi 11 pa 100. Kusiyanaku si kwa masewera. Nambala yoyamba ikuuza wogulitsa kuti akakweza mtengo ndalama zolowa zichuluka ndithu, pomwe yachiwiri ikumuuza kuti zomwe wapindula pa mtengo azitaya pa kuchuluka. Tinenenso kuti ndi masiku 111 okha nambala yachiwiriyi ili ndi mpata waukulu wophonya. Imaloza malo oyenera koma dzanja likunjenjemera, pomwe yoyamba imaloza mosanjenjemera malo olakwika.

Kukhoza oda kondishoni si chitsimikizo. Ikwezhoni yomwe yalephera lamuloli siingazindikirike, apo palibe kukambirana, koma yomwe yakhoza itha kukhalabe yobisika. Tiyerekeze kuti mwalemba N mu ikwezhoni ya ogulitsa, koma mabwato a kumeneko ndi akuluakulu ndipo mphepo siwaletsa kupita. Papepala kuwerenga kwayenda, 1 akufanana ndi 1. Pamsika mtengo sudasunthe, ndipo mukafuna kugawa mupeza kuti mukugawa ndi 0. Lamulo lachiwiri, lotchedwa ranki kondishoni, ndilo limafunsa zimenezi: kodi chosiyidwacho chikukankhadi maikwezhoni enawo, ndipo zikakhala zingapo, kodi chilichonse chikukankha mwa njira yakeyake? Pa maikwezhoni awiri limangotanthauza kuti 15 uja asakhale 0. Akakhala pafupi ndi 0 mavuto alipobe, chifukwa kugawa ndi kanambala kakang'ono kumakulitsa kacholakwa kalikonse. Mbali iyi, mwamwayi, imaoneka m'ziwerengero. Mungoyang'ana ngati mitengo ya masiku a namondwe ikusiyanadi ndi ya masiku a bata.

Mbali yomwe siyioneka ndiyo yoopsa. Tidanena kuti namondwe sakhudza ogula, koma adatiuza ndani? Tidangonena tokha. Tinene kuti mphepo yomweyo imabwera ndi mvula kumtunda, ndipo ogula ena amakhala kunyumba, kotero kuti pa mtengo uliwonse akufuna mabokosi ochepera ndi 6. Tsopano 94 − 2M ifanane ndi 25 + M: mtengo ndi 23, mabokosi ndi 48. Wofufuza aona mtengo utakwera ndi 3, kuchuluka kutatsika ndi 12, ndipo alemba 4 m'malo mwa 2. Kasunthidwe kakang'ono ka ogula kachulukitsa yankho kawiri. Oda kondishoni yakhoza, ranki kondishoni yakhoza, ndipo ngati chokankha chili chimodzi chokha, palibe samu iliyonse yomwe ingamuchenjeze. Graddy ndi anzake ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake adasiyanitsa nyengo ya panyanja ndi ya kumtunda, n'kuika mvula ndi kuzizira kwa mumzinda komanso masiku a sabata kumbali ya ogula.

Apa ndi pomwe ine ndimaona kuti lamulo lowerengali limapusitsa anthu. N'losavuta kulikhoza: ungofufuta chinthu chimodzi mu ikwezhoni, basi wadutsa. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 akatswiri adamanga zoyerekeza za chuma cha dziko lonse zokhala ndi maikwezhoni mazanamazana, ndipo pafupifupi iliyonse inkakhoza oda kondishoni mosavuta, popeza pa zinthu zambirimbiri iliyonse inkatenga zochepa n'kusiya zotsala. Christopher Sims adadzudzula mchitidwewu m'chaka cha 1980, kunena kuti zambiri zomwe zinkasiyidwa zinkasiyidwa popanda chifukwa chokhulupirika. Lamulo limawerenga zomwe wasiya, koma silifunsa ngati udali ndi ufulu wozisiya. Funso limenelo limayankhidwa ndi munthu wodziwa msikawo, yemwe akudziwa kuti amagula ndani, amabwera nthawi yanji, ndipo ndalama amazitenga kuti.

Kuno kwathu chitsanzo chili pakhomo. Wina atafuna kudziwa momwe ogula chimanga amachepetsera mtengo ukakwera, maganizo oyamba ndi kugwiritsa ntchito mvula, monga zimayendera m'mabuku olembedwa kumaiko komwe alimi ndi ochepa ndipo ogula ndi anthu ena. Koma ku Malawi mabanja ambiri omwe amalima chimanga ndi omwenso amachigula nkhokwe ikatha. Chaka cha chilala chimachepetsa chimanga chofika pamsika, komanso chimatumiza kumsika komweko anthu omwe chaka chabwino sakadagula n'komwe, uku chikuchepetsa ganyu ndi ndalama zomwe akadagulira. Mvula yakankha mizere yonse iwiri, ndipo kumbali ya ogula yakankha mbali ziwiri zosiyana, choncho n'kovuta ngakhale kulosera ngati yankho lidzapitirira kapena kuperewera. Mphepo ya mwera pa nyanja ya Malawi ikufanana kwambiri ndi namondwe wa ku Fulton, chifukwa imaletsadi asodzi kulowa m'madzi. Koma imawomba kwambiri m'miyezi yozizira, yomwenso anthu amakhala atagulitsa zokolola ndipo ali ndi ndalama m'thumba. Woyerekeza miyezi ya mwera ndi miyezi ina adzasakaniza mphepo ndi ndalama za zokolola. Ayenera kuyerekeza masiku a mphepo ndi masiku a bata m'mwezi umodzi womwewo, ndipo ayang'ane nsomba zaziwisi za pagombe, osati usipa wouma womwe wamalonda atha kuusunga m'matumba mpaka mtengo utamukomera.